Lata la mamilimita 840 lomwe limafolera 762 okha: kuwerengetsa malata a denga

Tengani tepi muyeze lata limodzi la mizeremizere, lija lofala lomwe mumaliona pa nyumba zambiri ndi pa makalasi, kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete inayo. Tiyerekeze kuti mwapeza mamilimita 840. Ndiye denga lanu ndi lotalika mamita 9.6. Mugula malata angati? Ambiri amangogawa 9,600 ndi 840, n'kupeza 11.4, n'kunena kuti 12 akwana. Samuyo yayenda bwinobwino, koma mmisiri akakwera padenga malata adzatha denga lisanathe, ndipo kumapeto kudzatsala mpata woti munthu n'kutulukirapo.

Vuto ndi lakuti lata lili ndi miyeso iwiri ya mulifupi. Woyamba ndi umene mwayeza uja, mulifupi monse mwa lata lili lokha pansi. Wachiwiri ndi mulifupi mofolera, kutanthauza gawo la denga lomwe lata limodzi limaphimba likakhomedwa pakati pa anzake. Wachiwiriwu umakhala wochepa nthawi zonse chifukwa malata sagundanitsidwa m'mbali ngati njerwa. Lata lililonse limakwera pamwamba pa linzake, ndipo mbali yomwe yalowa pansiyo siifolera kanthu kena kalikonse. Ndalama mwalipira, koma gawo limenelo ntchito yake ndi kutchinga madzi basi.

Nanga 762 akuchokera kuti?

Yang'anani lata kumapeto kwake. Muona kuti limakwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda: pali misana, pali ngalande. Pa malata ofalawa, kuchokera pamwamba pa msana umodzi kukafika pamwamba pa msana wotsatira pali mainchi 3, omwe ndi mamilimita 76.2. Kuti malata awiri akhale bwino pamodzi, msana wa lapamwamba uyenera kugona ndendende pa msana wa lapansi. Simungalisunthe ndi theka la mzere, chifukwa msana ungakumane ndi ngalande, lata n'kumangoyandama. Choncho lata lililonse limayamba patsogolo pa linzake ndi mizere yathunthu, osati ya theka. Likatsogola ndi mizere 10, ndiye kuti 10 × 76.2 = 762. Nambala yooneka yachilendoyo ndi mizere khumi chabe.

Izi zikutanthauza kuti mulifupi mofolera simungasinthe pang'onopang'ono momwe mukufunira. Mumadumpha ndi mzere wathunthu. Mmisiri akafuna kuti malata alowane kwambiri, mwina chifukwa kuderako mvula imabwera ndi mphepo yamphamvu, n'kuwonjezera mzere umodzi wolowana, lata lililonse limafolera mizere 9 yokha, pafupifupi mamilimita 686. Palibe zapakatikati ngati 720 kapena 740.

Komatu musaloweze 762 ngati kuti malata onse ndi amodzi. M'masitolo a zomangira muli malata opapatiza kuposa awa, makamaka opyapyala otsika mtengo, ndipo malata a IBR, aja a misana ya makona, ali ndi muyeso wawo: amafolera mamilimita 686, lata lililonse likalowana ndi linzake pa msana umodzi. Njira yosanama ndi iyi: goneketsani malata awiri pansi, muwasanjikize momwe adzakhalire padenga, kenako yezani kuchokera m'mphepete mwa kumanzere mwa loyamba kukafika m'mphepete mwa kumanzere mwa lachiwiri. Zomwe tepi yakuuzani pamenepo ndizo muzigawira.

Mwina mukuti, bwanji osangochepetsa polowanapo kuti malata afike patali? Amisiri ena amachitadi zimenezi malata akaperewera, ndipo denga limaoneka bwino mpaka mvula yoyamba. Madzi satsika okhaokha ayi. Akapezeka pakati pa zitsulo ziwiri zoyandikana kwambiri amatha kukwera pang'ono m'kampatako, monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha nyali, ndipo mphepo imawakankhiranso m'katimo. Malata akalowana mokwanira, madziwo amayenera kuwoloka msana wathunthu asanafike m'nyumba, ndipo mphamvu imawathera panjira n'kutsetsereka ndi ngalande. Chinyengo china ndi kuponda kapena kukoka lata kuti litambasuke. Mizere imaphwatalala, lata limafooka, ndipo misana yake siigonanso bwino pa linzake. Mukalowa m'nyumba yopanda siling'i masana n'kuona timizere ta kuwala m'malo olumikizana malata, dziwani kuti pomwe padutsa dzuwa mvula ya mphepo idzadutsanso pomwepo.

Tsopano tiwerengetse nyumba yonse. Makoma ake, tikayeza kunja, ndi mamita 9 mulitali ndi mamita 6 mulifupi. Denga ndi la mbali ziwiri zofanana, lokumana pamsonga pakati. Pali mafunso awiri osiyana, ndipo ndi bwino kusawasakaniza: malata angati adzandandalikana kutsata mulitali mwa nyumba, ndipo lata lililonse likhale lalitali bwanji kuti lichoke pamsonga kukafika m'munsi.

Funso loyamba. Denga silithera pakhoma penipeni, limapitirira pang'ono kuti mvula isamamenye khoma. Tinene kuti lapitirira ndi mamilimita 300 uku ndi 300 uko. Mulitali mwa denga ndiye 9,000 + 300 + 300 = 9,600. Gawani ndi mulifupi mofolera:

9,600 ÷ 762 = 12.6

M'kalasi la samu mwazolowera kuti nambala yochepera theka mumaitaya. Kuno ayi. Ngakhale mukanapeza 12.1, yankho likanakhala 13, chifukwa kachigawo kotsalako ndi malo enieni a denga omwe akufunika chitsulo pamwamba pake. Choncho mbali imodzi ikufuna malata 13, mbali zonse ziwiri 26.

Tiyeni tione kuti amene anagula 12 pa mbali iliyonse uja zimuthera bwanji. Malata 12 amafolera 12 × 762 = 9,144. Lomaliza lilibe lina lolowana nalo, ndiye kambali kake kotsala, 840 − 762 = 78, kamawerengedwa nawo. Zonse pamodzi 9,222. Denga ndi 9,600. Patsala mamilimita 378 poyera, mbali zonse ziwiri, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Malata awiri okha ndi omwe aperewera, koma ngati nyumba ili kumudzi kutali ndi tauni, malata awiriwo akufuna ulendo wawo, thiransipoti yawo, komanso mwayi woti m'sitolo mukapezekebe a mtundu ndi geji yomweyo.

Wogula 13 naye ali ndi kanthu koganizira. Ake amafika 13 × 762 + 78 = 9,984, kupitirira denga ndi mamilimita 384. Akhoza kudula lomaliza motsata mzere, kapena kulilowetsa kwambiri pansi pa linzake ndi mizere ina isanu, popeza 5 × 76.2 ndi 381. Ine ndimaona kuti nzeru yabwino ndi kuwerengetsa izi matabwa a denga asanadulidwe, n'kuwonjezera kupitirira kwa denga kuti kukhale pafupifupi mamilimita 490 mbali iliyonse. Malata ndi omwewo 13, palibe chodula, ndipo khoma lapeza chitetezo chochuluka. Pamafunika matabwa otalikirapo pang'ono basi.

Funso lachiwiri ndi pomwe denga lopendekeka limapusitsa anthu. Theka la mulifupi mwa nyumba ndi mamita 3, koma lata silikuyenda chogona ngati pansi pa nyumba, likukwera phiri. Tinene kuti msonga wa denga uli mamita 1.25 pamwamba pa mutu wa khoma. Mukajambula, mupeza chinthu cha makona atatu chokhala ndi kona ya madigiri 90: pansi mamita 3, choimirira mamita 1.25, ndipo mbali yopendekekayo ndiyo njira ya lata. Paja munkafunsa kuti Pythagoras adzakuthandizani chiyani? Ndi pano:

3² + 1.25² = 9 + 1.5625 = 10.5625
√10.5625 = 3.25

Kuchokera pamsonga kukafika pakhoma ndi mamita 3.25, osati 3. Onjezerani kupitirira kwa m'munsi, tinene mamilimita 400 poyeza motsata kupendekeka komweko, mupeza mamita 3.65. Malata ambiri kuno amagulitsidwa m'mafiti, ndipo la mafiti 12 ndi pafupifupi mamita 3.66. Lakwana ndendende. Munthu amene anaiwala kupendekeka akanati 3 + 0.4 = 3.4, ndipo akanakhala kuti wadulitsa malata ake pa muyeso umenewo, madzi a padenga bwenzi akugwera pafupi kwambiri ndi khoma. Kampata kochepa kotsala pamsonga musade nako nkhawa, kamaphimbidwa ndi zitsulo zopindika zomwe zimakhomedwa pamwamba pomwe mbali ziwiri zakumana. Zimenezo zimagulidwa pazokha, sizili m'gulu la 26 lija.

Onani kuti kupendekeka kwasintha kutalika kwa lata kokha. Denga likhale losongoka kwambiri kapena logona, ondandalikana ndi 13 omwewo, chifukwa mulitali mwa nyumba simunasinthe.

Zimasintha ngati malata aatali sakupezeka, kapena ngati galimoto yonyamula ndi yaifupi, ndiye mukufuna kulumikiza awiri kuchokera pamwamba kutsika. Mafiti 6 kuphatikiza mafiti 6 ndi 12, eti? Pa pepala inde, padenga ayi, chifukwa nkhani ya kulowana ija yabweranso. Lata lapamwamba liyenera kukwera pa lapansi ndi mamilimita osachepera 150, ndipo denga likakhala logona kwambiri pamafunika oposa pamenepo, popeza madzi amatsika mochedwa ndipo mphepo imawabweza mosavuta. Lata la mafiti 6 ndi pafupifupi mamita 1.83. Awiri ndi 3.66, kuchotsa 0.15, patsala 3.51. Taperewera ndi mamilimita 140. Muyenera kutenga la mafiti 7, lomwe ndi pafupifupi mamita 2.13, ndi la mafiti 6: pamodzi 3.96, ndipo kuti afike 3.65 akhoza kulowana ndi mamilimita pafupifupi 300. Malata onse akhala 52, a mafiti 7 okwana 26 ndi a mafiti 6 okwana 26, ndipo mwalipira mafiti 13 a chitsulo pamalo pomwe lata lathunthu likanafuna 12. Polumikizirapo payeneranso kugwera pa thabwa lopingasa kuti misomali igwire malata onse awiri, ndiye kalipentala ayenera kudziwa kutalika kwa malata asanakhome matabwawo.

Kuwerengetsa konseku ndi kwa denga la mbali ziwiri zoongoka. Denga la mbali zinayi, lomwe m'makona mwake malata amadulidwa mopendekeka, limataya zidutswa zambiri, ndipo kugawa kamodzi sikukwanira. Pamenepo jambulani mbali iliyonse pa pepala la timabokosi, muigawe m'mizere ya mamilimita 762, n'kuyeza mzere uliwonse pomwe watalika kwambiri. Mzere umodzi ndi lata limodzi la kutalika kumeneko.