Chithunzi chimodzi cha m'chifuwa sichikwana kudziwira matenda

Makina a ekisirei amangoonetsa mbali za thupi zimene zatchinga kuwala kwake ndi zimene zakulola kudutsa, osati dzina la matenda. Mpweya wa m'mapapo umaoneka wakuda chifukwa sutchinga kanthu, fupa limaoneka loyera chifukwa limatchinga kwambiri, ndipo zonse za pakati zimaoneka zotuwa. Magazi, mafinya, madzi, chipsera chakale ndi chotupa cha khansa zimatchinga kuwala mofanana ndithu, motero pa chithunzi zimatha kuoneka ngati chinthu chimodzi. N'chifukwa chake dokotala wowerenga zithunzi akaona banga loyera m'phapo amayamba wafunsa kuti wodwalayo ndi wotani, ndiponso ngati pali chithunzi chake chakale.

Nkhaniyi imamveka bwino poona chitsanzo chimodzi. Bambo wa zaka 55 wajambulidwa m'chifuwa, ndipo kumtunda kwa phapo la kumanja kwapezeka kabanga kozungulira, kotalika mamilimita 10 m'mimba mwake. Kabanga kotere kangakhale chipsera cha chifuwa chachikulu chimene chinapola kalekale. Kangakhale chifuwa chachikulu chimene changoyamba kumene, pakuti kumtunda kwa mapapo ndi kumene matendawa amakonda. Kangakhalenso khansa ya m'mapapo, yomwenso imapezeka kwambiri kumtunda komweko. Chithunzicho ndi chimodzi, koma chithandizo chake ndi chosiyana kotheratu: kusiya osachita kanthu, mankhwala a miyezi 6, kapena opaleshoni.

Mbiri ya wodwala ndiyo imayamba kusiyanitsa njira zitatuzi. Ngati bamboyo wakhala akutsokomola kwa masabata angapo, akutuluka thukuta usiku ndipo thupi likutsika, choyamba kuganizira ndi chifuwa chachikulu, ndipo makhololo ake ayenera kupimidwa. Ngati anamaliza mankhwala a chifuwachi zaka zapitazo ndipo lero alibe vuto lililonse, mwina ndi chipsera chabe. Ngati wasuta fodya kwa zaka 30, khansa iyenera kufufuzidwa msanga. Ntchito imene munthu anagwira nayonso ili ndi mbali yake. Amuna ambiri a ku Malawi ndi Mozambique anakagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa, ndipo fumbi la miyala limasiya timadontho tambirimbiri m'mapapo, tofanana kwambiri ndi ta chifuwa chachikulu chofalikira. Dokotala amene sanauzidwe za mgodi angapatse munthu mankhwala a matenda amene alibe. Komabe fumbi lomwelo limachititsa kuti chifuwa chachikulu chimugwire munthu mosavuta, choncho ngakhale mgodi utatchulidwa, makhololo apimidwebe.

Mbiri ikamaliza ntchito yake, funso lalikulu limakhala likadalipo: kodi kabangako kakukula? Chithunzi chimodzi sichingayankhe, monga momwe woona mtsinje kamodzi sangadziwire ngati madzi akukwera kapena akuphwa. Apa ndi pamene chithunzi chakale chimaposa makina okwera mtengo.

Chotupa chimakula mbali zonse, choncho kusintha kochepa m'mimba mwake kumatanthauza kukula kwakukulu. Kabanga kozungulira kakatalika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuti mnofu wake wonse wawirikiza kawiri. Tsono ngati sikani ya CT ya bamboyu ya miyezi 6 yapitayo ikuonetsa kabangako kali mamilimita 8 ndipo lero kali 10, diso lingati palibe chimene chasintha, koma kawirikiza. Makhansa ambiri a m'mapapo amawirikiza pa nthawi ya pakati pa mwezi umodzi ndi masiku pafupifupi 400, ndipo miyezi 6 ili mkati mwa nthawi imeneyo. Munthu wotere sayenera kuuzidwa kuti akadikire kunyumba. Amafunika kuunikidwa mozama, mwinanso kuchotsedwa kanyama kokapima.

Koma ngati chithunzi cha zaka ziwiri zapitazo chikuonetsa kabanga komweko, pamalo pomwepo, kali mamilimita 10, nkhani yasintha. Madokotala amagwirizana kuti kabanga kolimba kamene sikanakule kwa zaka ziwiri kawirikawiri si khansa, ndipo wodwalayo amapulumuka ku singano ndi mpeni. Lamuloli lili ndi malire ake: timabanga tooneka ngati nkhungu, tosatchinga kwambiri, timatha kukhala khansa yokula pang'onopang'ono, ndipo timatsatidwa mpaka zaka 5. Ngati pa chithunzi cha masabata awiri apitawo panalibe kanthu, ndiye kuti chinthucho chafulumira kuposa khansa zambiri, ndipo nthawi zambiri chimakhala matenda a tizilombo.

Malangizo amene madokotala ambiri amatsata pa timabanga topezeka mwangozi, a bungwe la Fleischner Society a mu 2017, amagawa timabanga potengera kukula kwake. Kosakwana mamilimita 6 mwa munthu amene sali pa chiopsezo sikafunika kutsatidwa. Ka mamilimita 6 mpaka 8 kamajambulidwanso pakapita miyezi 6 mpaka 12. Kopitirira 8 kamafuna kuunikanso pakapita miyezi itatu, kapena kupima kwina. Koma malangizo omwewo amanena kuti sagwira ntchito pa munthu wosakwana zaka 35, pa amene ali kale ndi khansa, ndi pa amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Zitatu zonsezi zimadziwika kuchokera pa kalata yotumizira wodwala, osati pa chithunzi.

Ngozi ina, yomwe anthu saiganizira kwenikweni, ndi ya chithunzi chooneka bwinobwino. Munthu amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi, chitetezo chake chikatsika kwambiri, amatha kukhala ndi chifuwa chachikulu pamene ekisirei yake ilibe banga, chifukwa thupi lilibe mphamvu yopanga mabala ndi mphako zimene zimaoneka mwa ena. Kumuuza kuti ali bwino chifukwa cha chithunzicho n'kumutaya. Chibayo nacho chili ndi nthawi yake: tsiku loyamba chimatha kusaoneka, ndipo wodwala akachira mthunzi wake umatha kutsalira kwa masabata pafupifupi 6, mwa okalamba kupitirira apo. Wowerenga amene sakudziwa kuti munthuyo anadwala chibayo mwezi watha angaganize kuti mankhwala alephera. Mthunzi umene sukuchoka nthawiyo itadutsa ndiwo wofunika kufufuzidwa, makamaka mwa osuta.

Kajambulidwe nakonso kamanamiza. Wodwala akajambulidwa ali chigonere pabedi, kuwala kukulowera kutsogolo, mtima umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Akalephera kukoka mpweya wokwanira, kumunsi kwa mapapo kumaoneka ngati kwadzaza. Choncho zithunzi zoyerekeza ziyenera kukhala zojambulidwa mofanana, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri kumatha kukhala kwa kayezedwe chabe.

Kalata yotumizira wodwala yolembedwa mawu amodzi akuti akutsokomola imamanga manja wowerenga zithunzi. Yabwino imatchula zaka za wodwala, nthawi imene wadwala, za fodya, ntchito yake, matenda ndi maopaleshoni akale, mankhwala amene akumwa, ndi funso lenileni limene likufuna yankho. Mbali ya wodwala ndi yosavuta. Asunge filimu, chimbale kapena lipoti la chithunzi chilichonse pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala, pamalo ouma, filimuyo osaipinda, ndipo apite nazo zonse nthawi iliyonse imene akukajambulidwa. Ngati zinatayika, anene chaka ndi chipatala chimene anajambulidwirako, kuti zifunsidwe kumeneko.