Pasulo ili ku Blantyre, mwini wake ali ku Bangula: ngongole ziwiri za katundu wogula pa intaneti

Foni imalira patapita masabata angapo chigulireni katundu. Woimbayo amanena kuti pasulo yafika, koma kuti ituluke pakufunika ndalama zina. Kwa munthu wa ku Nchalo, Ngabu kapena Nsanje amene analipira kale mtengo wa katundu ndi wonyamulira, yankho loyamba limakhala limodzi: "Ine ndinalipira kale zonse!" Ndipo sanama. Koma zimene analipira zinapita kwa wogulitsa ndi kwa wonyamula katundu kuchokera kunja. Boma la Malawi linali lisanalandirepo kanthu.

Ndalama zimene zimatchulidwa pa foni zija kawirikawiri zimanenedwa ngati mtolo umodzi, chonsecho mkati mwake muli ngongole ziwiri zosiyana. Ina ndi msonkho, umene umapita ku Malawi Revenue Authority, bungwe lotolera misonkho lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2000 ndipo likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Inayo ndi malipiro a kampani yonyamula mapasulo pa ntchito yotulutsa katundu ku kasitomu. Yoyambayo imatsata lamulo ndipo munthu angathe kuiwerengetsa yekha asanagule n'komwe. Yachiwiriyo ndi mtengo wa kampani. Wogula amene sanazilekanitse ziwirizi sangadziwe pofunsa, ndipo sangadziwenso ngati akuberedwa.

Titenge chitsanzo cha mphunzitsi wa zamasewero wa ku Bangula amene m'chaka cha 2024 anaitanitsa nsapato za mpira kuchokera ku China pa madola 100, n'kulipiranso madola 40 onyamulira pa ndege. Iyeyo m'mutu mwake muli madola 100, poti ndiwo mtengo wa nsapato. A kasitomu sayambira pamenepo. Iwo amaphatikiza mtengo wa katundu, ndalama zonyamulira ndi inshulansi ngati ilipo, ndipo chiwerengero chimenechi pa mapepala chimalembedwa kuti CIF. Apa ndi madola 140. Ndalamazi amazisintha kupita m'makwacha pa mtengo umene ukugwira ntchito pa nthawi imene katundu akulembetsedwa ku kasitomu, osati tsiku limene munthu anagula. Tikatenga mtengo wa mabanki wa K1,751 pa dola imodzi, womwe unagwira ntchito miyezi yambiri m'chaka chimenecho, madola 140 akukwana K245,140.

Kenako pamabwera msonkho wolowetsera katundu m'dziko, umene ambiri amangouti dyuti. Mulingo wake umadalira mtundu wa katundu, chifukwa chinthu chilichonse chili ndi nambala yake m'buku la mitengo ya kasitomu, potsata ndondomeko ya HS yomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti nsapatozi zagwera pa 25 peresenti, mulingo umene umagwera zinthu zambiri zopangidwa kale, ndiponso kuti palibe msonkho wa ekisaizi. Dyuti ndi K61,285.

Apa ndiye pamene ambiri amadabwa. VAT, yomwe m'chaka chimenecho inali pa 16.5 peresenti, siwerengedwa pa mtengo wa nsapato wokha. Imawerengedwa pa K245,140 ija ataphatikizapo dyuti, kutanthauza K306,425, ndipo ikukwana K50,560. Msonkho wonse wafika K111,845. Nsapato zimene zinagulidwa pa K175,100 zadzetsa msonkho woyandikira magawo awiri mwa atatu a mtengo wake, chifukwa ndalama zonyamulira nazo zakhomeredwa, ndipo VAT yakwera pamsana pa dyuti. Katundu wolemera koma wotchipa, wobwera pa ndege, ndiye amapweteka kwambiri mwanjira imeneyi.

Kugwa kwa kwacha kumalowanso m'masamu amenewa. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pasulo yomweyi ikanalembetsedwa kwacha isanagwe, msonkho wake ukanakhala pafupifupi K75,400. Itagwa, unali pafupifupi K108,600. Munthu amene anagula mu Okutobala katundu n'kufika mu Disembala analipira msonkho pa mtengo watsopano, ngakhale mulingo wa msonkho sunasinthe. Milingoyo nayo imasintha ndi bajeti ya boma, choncho wofuna kugula lero afunse ku MRA milingo imene ikugwira ntchito panopa, koma kawerengedwe kake ndi komweka.

Ngongole yachiwiri ndi imene imakwiyitsa anthu kwambiri, mwina chifukwa ilibe mulingo umodzi. Katundu akatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kapena la ku Chileka, pamafunika wina womulembetsa ku kasitomu, ndipo katundu wa mtengo wokwererapo amalowetsedwa mu makina a ASYCUDA World kudzera mwa ejenti wovomerezeka. Kampani yonyamula mapasulo imagwira ntchito imeneyi m'malo mwa wogula n'kumulipiritsa. Nthawi zina kampani imayamba yalipira msonkho ndi ndalama zake kuti pasulo isachedwe, ndipo imaonjezera malipiro ena chifukwa chotsogoza ndalamazo. Pasulo ikakhalitsa m'nyumba yosungiramo katundu, pamabweranso ndalama zosungira zimene zimakula ndi masiku.

Ntchitoyo ndi yeniyeni, ndipo kulipiritsa pa iyo si kulakwa. Cholakwika ndi kutchula ndalama zonse pamodzi n'kuziti "za kasitomu". Wogula ali ndi ufulu wopempha mapepala awiri: lina losonyeza mmene MRA yawerengera msonkho, pomwe pamaoneka mtengo umene katundu wapatsidwa, dyuti ndi VAT, ndi lina la invoisi ya kampaniyo yosonyeza malipiro ake mzere ndi mzere. Kudandaula za msonkho ndi nkhani ya MRA. Kudandaula za kampani yonyamula mapasulo kumayambira ku kampaniko, ndipo kukakanika kuli MACRA, bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa makampani oterewa komanso kuyang'anira ntchito za positi.

Zonsezi zimayambira pa tsamba lolipirira, pamene wogula amakhala akuthamangira kumaliza netiweki isanathawe. Pali zilembo zitatu zoyenera kufufuza. DDP ikutanthauza kuti wogulitsa watenga udindo wa msonkho wa m'dziko lolandira katundu. DAP ikutanthauza kuti katundu afika, koma msonkho ndi ntchito yomutulutsa ndi za wogula. Sitolo ikalemba kuti kunyamula ndi kwaulere, sikuti yanenapo kanthu za msonkho. Ngati sinalembe poyera kuti msonkho uli momwemo, wogula angodziwa kuti ngongoleyo ikumudikira.

Kuchigwa kuno kuli ngongole yachitatu imene siilembedwa pa pepala lililonse, ndiyo mtunda. Pasulo yochokera kunja sifika pakhomo ku Makhanga kapena ku Muona monga mmene sitolo ya pa intaneti imalonjezera. Nyumba zambiri zilibe nambala, misewu ilibe maina, ndipo chimene chimagwira ntchito ngati adilesi ndi nambala ya foni. Yobwera pa positi ingathe kutsikira ku positi ofesi yapafupi, koma yobwera ndi makampani akuluakulu nthawi zambiri imaima ku Blantyre kudikira mwini wake kapena kampani ina yaing'ono yoitsitsira kumunsi, imenenso imafuna zake. Kuchokera ku boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, kudutsa pa Thabwa n'kukwera zitunda zija. Kuchokera ku boma la Nsanje ndi pafupifupi 180. Mphunzitsi wa ku Bangula uja ayenera kusiya kalasi, kulipira minibasi ulendo wopita ndi wobwera, ndipo akakapeza kuti pepala lina lasowa, abwererenso. M'nyengo ya mvula, pamene madzi adula msewu wa M1 monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, ndalama zosungira pasulo sizidikira kuti mtsinje uphwe.

N'zomvetsa chisoni kuti boma la Nsanje, lomwe lili ndi chipata cha Marka, komanso doko limene pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mu Okutobala 2010 ndi lonjezo lotchipitsa katundu wochokera kunja, anthu ake amakwera mtunda kukatenga kaphukusi kolemera makilogalamu awiri.

Pofuna kuthawa msonkho, ena amapempha wogulitsa kuti alembe mtengo wochepa kapena alembe kuti ndi mphatso pa kapepala ka CN22 kamene kamamatidwa pa pasulo za pa positi. Nthawi zina wogulitsa amachita zimenezi osapemphedwa. Zotsatira zake zimagwera wogula. Ofisala wa kasitomu akatsegula n'kupeza nsapato zatsopano zolembedwa madola 5, ali ndi mphamvu yokana mtengowo n'kuika wina, ndipo wina ameneyo angathe kuposa umene munthu analipiradi. Chomwe chimateteza wogula ndi umboni: invoisi yeniyeni, chithunzi cha oda ya pa foni, ndi sitetimenti ya ku banki yosonyeza ndalama zimene zinatuluka. Lamulo la kawerengedwe ka mtengo limayambira pa ndalama imene inalipiridwadi, choncho wokhala ndi mapepala ali ndi poimira.

Ogula ku South Africa nawo asamadalire kwambiri mgwirizano wa SADC. Kuchotseredwa dyuti kumatengera kumene katundu anapangidwira ndipo kumafuna chikalata chotsimikizira zimenezo. Nsapato zopangidwa ku China zogulidwa m'sitolo ya ku Johannesburg zikadali za ku China. Maiko ambiri akukhwimitsanso pa timapasulo ting'onoting'ono: maiko a mu European Union anathetsa chikhululukiro cha VAT pa katundu wosaposa mayuro 22 mu Julayi 2021, ndipo dziko la America linathetsa chikhululukiro chake cha madola 800 mu Ogasiti 2025.

Chisokonezo chonsechi ndi chimene akuba a pa foni amadyerera. Uthenga umabwera wonena kuti pasulo yagwidwa ndipo mutumize ndalama msanga pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pa nambala yolembetsedwa m'dzina la munthu. Kuwazindikira sikuvuta. Kampani yoona imatchula nambala yolondolera pasulo imene ikugwirizana ndi imene sitolo inapereka, imatumiza invoisi, ndipo imapereka lisiti. Wogula adule foniyo, aimbe yekha pa nambala ya ofesi ya kampaniyo, n'kufunsa ngati ngongoleyo ilipodi ndi mmene yagawidwira.

Nanga munthu akangoikana pasulo? Sitolo zambiri sizibweza ndalama zonyamulira, ndipo zina sizibweza chilichonse ngati chifukwa chake ndi msonkho. Katundu wosatulutsidwa m'nthawi yake amakathera m'nyumba yosungiramo katundu ya kasitomu, ndipo MRA ili ndi mphamvu yomugulitsa pa okushoni. Mphunzitsi wa ku Bangula akakana kulipira K111,845 pamodzi ndi malipiro a kampani, ataya K245,140 imene inatuluka kale, ndipo timu ya sukulu ikhalabe yopanda nsapato.