Pakamwa pakalemera, kalata ilankhule

Pafupifupi mumpingo uliwonse muli mnyamata amene amaimba mokweza mukwaya koma mawu amamuthera akangoima pafupi ndi mtsikana amene mtima wake wakonda. Mapemphero akatha amangopereka moni wa padzanja, n'kubwerera kwawo zakukhosi zili chikhalire. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kwa mnyamata wamanyazi njira yoyambira nkhani yotere imakhala kalata.

Kufunsira kutchalitchi kumasiyana ndi kufunsira kwina pa chifukwa chimodzi chachikulu. Kaya mtsikanayo alola kaya akana, awiriwa adzaonanabe Lamulungu lililonse, pophunzira nyimbo, pamaliro ndi pamisonkhano ya achinyamata. Choncho kalatayo iyenera kunena cholinga mosabisa, komanso kumusiyira mpata wokana popanda kuchita manyazi.

Asanagwire cholembera, mnyamata afufuze mwakachetechete ngati mtsikanayo alidi mbeta, kuopa kulembera munthu amene adalandira kale chikole kwa wina. Atsimikizenso za msinkhu wake. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 limati munthu alowe m'banja atakwanitsa zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi.

Tiyerekeze kuti wolembayo ndi kalipentala wa mukwaya, ndipo amene akumufunayo amaphunzitsa ana Sande sukulu. Pakati pa kalata yake pangamveke motere:

"Achemwali, pepani kuti ndasankha kulemba, pakamwa pamandilemera. Ndakhala ndikuona kuleza mtima kwanu pophunzitsa ana, komanso mmene mudatumikira pa maliro aja a mayi a kumphakati kwathu. Cholinga changa ndi chakuti tidziwane, ndipo Mulungu akalola tidzamange banja. Ndine kalipentala, ndimakhala m'nyumba yalendi, ndilibe mkazi kapena mwana kwina. Musafulumire kuyankha. Ngati mtima wanu sukufuna, ndiuzeni momasuka. Nkhaniyi ithera pakati pa ife awiri, ndipo ulemu wanga pa inu sudzasintha."

Taonani kuti akumutchula kuti "inu", pakuti "iwe" angamveke ngati chizolowezi chimene sichinayambe. Akutchula zinthu ziwiri zimene waona ndi maso ake, zomwe zikuonetsa kuti kalatayi yalembedwera munthu mmodzi yekhayu. Mawu okometsera okopera pa foni sachedwa kudziwika, chifukwa atsikana amakhala atawalandirapo kale kwa anyamata ena. Wanenanso zoona za ntchito ndi moyo wake. Bodza la mtundu umenewu silikhalitsa mumpingo, momwe wina aliyense amadziwa kwa mnzake.

Cholakwa chachikulu chimene anyamata opemphera amachita ndi kulemba kuti "Mulungu wandionetsa kuti ndinu mkazi wanga." Nthawi zambiri wamanyazi amathawira ku mawu amenewa poopa kunena yekha kuti wakonda. Koma mawuwa amamupanikiza mtsikana, chifukwa akakana zimaoneka ngati wakanira Mulungu. Kudzaza tsamba ndi mavesi nako kumabisa funso lenileni, mpaka wowerenga sadziwa ngati walandira ulaliki kapena akufunsiridwa. Tsamba limodzi lolembedwa ndi dzanja n'lokwanira.

Kaperekedwe kake n'kofunikanso. Kutuma mwana wa Sande sukulu kapena mnzake wa mukwaya ndiko kumafalitsa nkhani, ndipo mtsikana akamva mphekesera asanatsegule envulopu, kawirikawiri amakana pofuna kuteteza mbiri yake. Kuilowetsa mobisa m'Baibulo lake n'koopsanso, popeza Baibulo limabwerekedwa kunyumba. Ndi bwino kuipereka yekha m'manja mapemphero atatha, poyera koma mosaonetsera, n'kungoti, "Mukawerenge kunyumba."

Kenako pamabwera kudikira. Yankho lakuti "ndikaganize kaye" si kukana. Mtsikana wolongosoka amafuna nthawi yopemphera, yofufuza khalidwe la mnyamatayo, mwinanso youza azakhali kapena mayi wina wamkulu amene amamukhulupirira. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, mnyamata angafunse kamodzi mwaulemu. Akaona kuti mtsikanayo wayamba kumuzemba, wasintha pokhala kapena wasiya kubwera kukwaya, limenelo ndi yankho, ndipo kalata yachiwiri ingakhale kumuvutitsa.

Akalola, ntchito ya kalata yatha. Nkhani imachoka papepala n'kupita kwa amalume a mbali zonse ziwiri, amene amakumana n'kukonza za chinkhoswe. Abusa kapena ansembe amadziwitsidwa, awiriwo amalandira uphungu, ndipo m'mipingo monga CCAP ndi Katolika ukwati umalengezedwa pamaso pa mpingo usanadalitsidwe, kuti wodziwa choletsa anene. M'magawo onsewa mnyamata uja adzafunika kuyankha ndi pakamwa pake pamaso pa akuluakulu, choncho ayambe kuzolowera kulankhula kuyambira tsiku limene walandira yankho.