Galimoto, nyumba ndi fizi: malipiro obisika amene msonkho umawaona

Taganizirani mamanejala awiri. Wina amalandira ndalama zambiri koma amadzilipirira yekha lendi, fizi ndi mayendedwe. Mnzake amalandira zocheperako, koma kampani inamupatsa galimoto ndi nyumba, ndiponso imalipirira ana ake sukulu. Msonkho ukanamangoona ndalama zolowa m'thumba, woyambayo akanasenza katundu yense, chonsecho onse akudya mofanana. N'chifukwa chake lamulo la misonkho m'Malawi limaika mtengo pa chilichonse cha zinthuzi ngati kuti ndi malipiro. Pa mtengowo bungwe la MRA limatolera K30 pa K100 iliyonse, ndipo wolipira ndi wolemba ntchito, osati wantchito.

Tiyerekeze kuti manejala wachiwiriyu amalandira K2,000,000 pamwezi. Galimoto imene amayendera, ngakhale popita kumudzi, inagulidwa pa K40,000,000. Lamulo limatenga K15 pa K100 iliyonse ya mtengo wogulira, kutanthauza K6,000,000 pachaka. Msonkhowu umaperekedwa miyezi itatu iliyonse, choncho gawo lake ndi K1,500,000. Galimoto ikamakalamba mtengowu sutsika, chifukwa chowerengera ndi ndalama zimene inagulidwira.

Pa nyumba amayerekeza zinthu ziwiri n'kutenga chachikulu. China ndi lendi imene kampani imalipira, china ndi gawo la malipiro a munthuyo: K10 pa K100 ngati nyumba ilibe mipando ndi katundu wina, K12 ngati kampani inaikamo. Kwa manejala wathu, gawolo ndi K200,000 pamwezi, pomwe lendi ndi K600,000. Lendi ndiyo ikuposa, ndiye pa miyezi itatu mtengo wa nyumba ndi K1,800,000.

Fizi ili ndi mwayi wake. Kampani ikalipira kusukulu mwachindunji, theka lokha ndilo limawerengedwa. Pa fizi ya K1,000,000 imene yalipidwa m'miyezi imeneyi, yowerengedwa ndi K500,000. Tikaphatikiza zitatuzi tikupeza K3,800,000, ndipo msonkho wake ndi K1,140,000. Kampani iyenera kuupereka pasanathe masiku 14 miyezi itatuyo itatha, apo ayi pamabwera chindapusa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa njira imene ndalama yadutsa. Abwana akapatsa wantchito K1,000,000 yomweyo m'manja kuti akalipire yekha kusukulu, imasanduka malipiro wamba. Zatheka zija zimathera pomwepo: yonse imalowa mu PAYE, ndipo wodulidwa ndi wantchito mwini. N'chimodzimodzinso ndi alawansi ya nyumba. Mukaiona pa pepala lanu la malipiro pamodzi ndi ndalama zodulidwa msonkho, dziwani kuti katunduyo wasenza ndinu.

Choncho pokambirana za ntchito yatsopano, kumva kuti fizi ndi nyumba zilipo sikokwanira. Funsani ngati kampani idzalipira kusukulu ndi kwa eni nyumba, kapena ndalamazo zidzadzera mu akaunti yanu, ndipo yankholo lilembedwe m'kalata ya ntchito musanasaine.