Kuona Munda wa Cimanga Kucokera Kumwamba

Ambiri a ife okhala ku Chelstone ndi ku Kabwata tili ndi minda kutali, monga ku Chongwe. Cifikire mbozi zoononga cimanga mu 2016, ena amajambulitsa minda yao ndi kandege kopanda woyendetsa, kochedwa duloni. Koma kawirikawiri cithunzi cimabwera cacimbuuzi, mizere yosaoneka bwino.

Pa kompyuta, mu pulogalamu ya GIMP, sankhani Sharpen (Unsharp Mask). Nchito yake ndiyo kukuza kusiyana pamene masamba akumana ndi dothi. Ikani Radius pa 1.5 ndi Amount pa 0.5, kenaka yang'anitsitsani. Mukaona mkombero woyera m'mbali mwa mizere, mwapitiriza muyeso. Pamenepo timadontho tabodza tingakunamizeni kuti mbeu yadyedwa.

Komabe kunola kuli ndi malire. Tinene kuti kadontho kamodzi ka cithunzi kakuimira masentimita 3 a pansi. Kandege kakamathamanga mamita 10 pa sekondi, kamera n'kutseguka 1/100 ya sekondi, kasuntha kale masentimita 10, kupitirira timadontho titatu. Cotere sicikonzeka, uzani wojambulayo abwereze pa 1/1000.

Ngakhale cithunzi cabwino cimangokulozerani malo odwala. Kaya ndi mbozi, njala ya feteleza kapena madzi oima, mudzadziwa mutapitako ndi kusuzumira m'nsonga ya cimanga.