Mwini Seva Akatula Pansi Udindo, Makiyi Atsala ndi Yani?

Pa Discord, malo ochezerapo a pa intaneti amene anatsegulidwa m'chaka cha 2015, gulu lililonse la anthu limakhala ndi bwalo lakelake lotchedwa seva, ndipo seva iliyonse ili ndi mwini mmodzi yekha. Anduna ake, ngakhale atapatsidwa mphamvu ya `Administrator`, sangathe kumchotsa, kufafaniza seva, kapena kuipereka kwa wina. Tsono mwiniyo akangosiya kubwera osatsazika, gulu lonse limatsala m'nyumba imene makiyi ake anapita ndi munthu.

Ena pofuna kufulumira amangouza wolowa m'malo mawu achinsinsi a akaunti yawo. Kutero n'kulakwa, pakuti imelo ndi lamya zobwezera akauntiyo zikadali m'manja mwa wochokayo, ndipo tsiku limene adzapsa mtima angathe kuilanda.

Njira yoyenera ndi iyi. Wolandira ayambe wakhwimitsa akaunti yake kuti polowa izifunsa mawu achinsinsi pamodzi ndi nambala yochokera pa lamya yake, pakuti mbala ikaba akaunti ya mwini yaba seva yonse. Pamenepo wochokayo atsegule `Server Settings`, apite pa `Members`, apeze dzina la mnzakeyo, nasankhe `Transfer Ownership`. Adzafunsidwa nambala yotsimikizira kuti ndi iyedi. Ayang'anitsitse dzinalo kawiri, chifukwa mayina ofanana ndi ambiri, ndipo akapereka kwa munthu wolakwika sangadzibwezere yekha. Umboni wakuti zatheka ndi kachisoti kachifumu kamene kamasamukira pa dzina la mwini watsopano.

Koma apa m'pamene ambiri amagona tulo msanga. Tiyerekeze kuti woyambitsa uja anapanga boti, ndiko kuti kapulogalamu kolandira alendo ndi kupirikitsa osokoneza. Botiyo sasamuka pamodzi ndi seva; amakhalabe pa akaunti ya amene anampanga, ndipo aliyense wosunga kiyi wake, wotchedwa tokeni, angathe kumlamula. Ngati botiyo ali ndi `Administrator`, ndiye kuti mfumu yakale yatula chisoti koma yasunga nthungo m'thumba. Sitikunena kuti woyambitsa aliyense ndi wa chiwembu. Kompyuta yake ingathe kungobedwa, tokeni n'kupita nayo.

Chotero asanatsazike alowe mu `Developer Portal`, asamutsire botiyo ku `Team` ya atsogoleri otsala, ndipo iwo akanikize `Reset Token`. Tokeni yakale imafa nthawi yomweyo, botiyo n'kukhala chete mpaka yatsopano italowetsedwa pa makina amene amamuyendetsa. Kukhala chete kumeneko asakuope, ndiwo umboni wakuti kiyi wakale sakutsegulanso. Yatsopanoyo imaonekera kamodzi kokha, choncho aisunge pabwino asanatseke tsambalo.

Chotsala ndi maudindo a wochokayo, amene sachoka okha umwini ukasamuka. Mwini watsopano amvule udindo uliwonse wokhala ndi `Administrator`, ndipo ngati gulu lifuna kumlemekeza, limpangire udindo wa ulemu wopanda mphamvu iliyonse.