Tchati cha Ngozi pa Khoma la Shedi ya Kalipentala

Mukadutsa ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre dzuwa likangotuluka, mumamva sowo isanaoneke. Shedi zambiri n'zamalata ochepa, utuchi uli mbwee pansi, mabedi ndi mipando zitandandalikidwa kumsewu. Mukafunsa mmisiri chimene chimamuvulaza kawirikawiri, amakuonetsani zikhatho: tizisonga ta matabwa, mabala a tchizulo, chikhadabo chakuda chimene hamala inaphonya msomali. Sanama. Koma zimene zimavulaza kawirikawiri si zimene zimathetsa ntchito ya munthu, ndipo ndalama zokonzera zinthu pa shedi sizikwanira zonse nthawi imodzi. Tchati cha ngozi chimathandiza pomwepa: kudziwa choyamba kukonza.

Tiyerekeze shedi ya anthu anayi: mwini wake, amisiri awiri ndi mnyamata wophunzira ntchito. Ali ndi sowo yamagetsi yapatebulo, makina osalazira, ndi ngodya imene amasungako vanishi ndi thina. Tchati chawo atha kuchijambula ndi choko pa pulayiwudi yotsala: mizere isanu chotsika, isanu chopingasa, timabokosi 25. Mbali imodzi ikuyankha funso loti ngoziyi ingachitike kangati. Inayo ikuyankha loti ikachitika, munthu avulala motani. Funso lililonse limalandira malikisi kuyambira 1 mpaka 5, ndipo manambala awiriwo amachulukitsidwa.

Ntchito yeniyeni ili pa kugwirizana tanthauzo la manambalawo musanayambe. Mawu oti "kawirikawiri" kapena "mwa apo ndi apo" amabweretsa mkangano, chifukwa aliyense amawamva mwake. Ndi bwino kuwamangirira ku kalendala. Pa kachitikidwe, 5 akhale sabata iliyonse, 4 mwezi uliwonse, 3 kamodzi pa chaka, 2 kamodzi pa zaka zingapo kapena zimene zinaonekera anzanu a shedi ina, ndipo 1 zimene simunazimvepo koma n'zotheka. Pa kavulalidwe, 1 ndi bala lomanga kansalu n'kupitiriza ntchito, 2 ndi lokasoketsa kuchipatala, 3 ndi lokhazika munthu kunyumba masabata angapo, 4 ndi kulemala kosabwerera monga kuduka chala kapena kufa diso, ndipo 5 ndi imfa. Mukachulukitsa, 1 mpaka 4 n'zongoyang'anira, 5 mpaka 12 n'zoikira tsiku lokonza, ndipo 15 kupita m'tsogolo ndiye kuti ntchitoyo iime kaye.

Tiyambe ndi sowo. Pa shedi yathuyi chivindikiro cha mano chinachotsedwa kalekale, ati chimachedwetsa. Mwini shedi anganene kuti, "Chiyambire palibe anadukapo chala pano, lembani 1." Apa ndi pamene matchati ambiri amasokonekera. Funsani mnyamata uja, paokha, ndi kangati thabwa linabwerera mwamphamvu n'kumumenya pamimba, kapena dzanja linaterera n'kutsala pang'ono kukhudza mano. Mwina ayankha kuti, "Mwezi sutha, abwana." Zongotsala pang'onozo n'zofunika kuziwerenga, chifukwa chimene chinasiyanitsa tsikulo ndi tsiku la magazi ndi mwayi chabe. Kachitikidwe ndiye 4. Kavulalidwe ndi 4, popeza mano a sowo sabweza chala. Zonse pamodzi 16, ndipo sowoyo isayake mpaka itakonzedwa.

Thabwa limabwerera chifukwa mpata umene sowo yadula umatsekeka kumbuyo n'kupana mano amene akukwera m'mwamba, makamaka thabwa likakhala laliwisi kapena lopindika, monga amachitira bulugamu wosauma bwino. Mankhwala ake ndi kachitsulo kopyapyala koima kumbuyo kwa mano, kosatalikira kuposa mamilimita 8, kamene kamasunga mpatawo wotseguka. Onjezani chivindikiro, ndi ndodo yokankhira ya masentimita 45 yoti igwire ntchito pa masentimita 30 omaliza a thabwa. Ndodoyo aisema okha pa chidutswa chotaya. Kenaka perekaninso malikisi. Kachitikidwe katsika kufika pa 2, koma kavulalidwe kakhalabe 4, pakuti dzanja likafika pa mano, mano ndi omwe aja. Ziwiri kuchulukitsa kanayi ndi 8. Amene amatsitsa manambala onse awiri atangoika chivindikiro amadzinamiza.

Tizisonga tija ndi 5 kuchulukitsa 1, basi. Pasakhale wina wonena kuti kabala kakang'ono kangayambitse kafumbata n'kupha munthu, ndiye tilembe 5. Mukatero chilichonse chikhala chofiira ndipo tchati sichikuuzaninso kanthu. Lembani zoipa zimene zingachitikedi, osati zoopsa kwambiri zimene mutu ungaganize.

Komabe 5 wa tizisongayu akuvumbula chilema cha tchati chotere. Waya wa magetsi wosendeka amene sanagwirepo munthu atha kupatsidwa 1 kuchulukitsa 5, n'kutulukanso 5 yemweyo. Masamu akuti n'zofanana, koma palibe kholo lingavomere kuti chisonga m'chala cha mwana wake n'chimodzimodzi ndi kugwidwa ndi magetsi. Ine ndimalangiza kuti chilichonse chokhala ndi 5 pa kavulalidwe chizunguliridwe ndi choko, ndipo chikonzedwe posatengera malikisi ake onse. Moto ulinso m'gulu limeneli. Mbaula yophikira nsima ya masana ikayandikana ndi chigubu cha thina pa utuchi wouma, mwina ndi 2 kuchulukitsa 5, kutanthauza 10, koma kusuntha mbaulayo kupita panja sikulira ngakhale tambala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi fumbi, chifukwa silitulutsa magazi. Mmisiri amasalaza mbawa kapena mlombwa tsiku lonse, nsidze zitayera ngati wachokera kuchigayo, madzulo n'kumina zofiirira, iye n'kumati ndi chimfine cha ntchito. Funso loti "zinachitika kangati" silikwanira apa, popeza matenda ake amabwera mwakachetechete patapita zaka. Mu 1995 bungwe lofufuza za khansa la pansi pa WHO linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo mitengo yolimba ndiyo imatchulidwa kwambiri. Limayambitsanso mphumu. Pa ngozi zoyenda pang'onopang'ono zotere, werengani kuti munthu amakumana nazo kangati. Fumbi ndi la tsiku lililonse, 5, ndipo chifuwa chowonongeka ndi 4. Limatuluka 20, kuposa sowo ija. Phokoso la makina osalazira liwerengedwe chimodzimodzi: ngati mukufuula kuti mnzanu amene waima mamita awiri akumveni, makutu akuwonongeka, ndipo ugonthi wotere suchira.

Potsitsa 20 ameneyu, kansalu komanga pamphuno sikathandiza kwenikweni, chifukwa fumbi loopsa ndi losalala lija losaoneka bwino. Kusalaza kuchitikire pamalo podutsa mphepo, fumbi lizipita kutali ndi anthu. Pansi pawazidwe madzi musanasese. Ndipo wosalazayo avale masiki yeniyeni ya fumbi yogwira bwino kumaso.

Pambali pa ngozi iliyonse palembedwe woikonza ndi tsiku lake, apo ayi tchati chisanduka chokongoletsa khoma. Chifufutidwe n'kulembedwanso pakabwera makina atsopano, wina akavulala, kapena pakalowa wophunzira wina. Sowo imene ili pa 8 m'manja mwa mmisiri wa zaka khumi pa ntchito ikhoza kubwerera pa 12 m'manja mwa mnyamata amene wayamba Lolemba lapitali.